Abwana awerenga WhatsApp yanga pa kompyuta ya ku ntchito, Lachisanu ndili ndi hiyaring'i

NyaLuwinga
Abale ndithandizeni nzeru, mutu wanga sukugwira. Ndine kalaliki wa sitoko pa shopu ina ya zomangira nyumba mtauni muno, dzina sinditchula. Sabata yatha titawerenga katundu kunapezeka kuti zitini za penti 14, za malita asanu zija, palibe. Lolemba abwana anandiitana mu ofesi, pa tebulo pali mapepala. Kuyang'ana bwino, ndi macheza anga a pa WhatsApp, osindikiza. WhatsApp Web yanga imakhala yotsegula pa kompyuta ya ku sitoko chifukwa madalaivala ndi makasitomala amatumiza maoda pa nambala yanga, kampani sinatipatse foni.

Uthenga umene auzunguliza ndi cholembera chofiira ndi umene ndinalembera alamu anga: "Mubwere 5 koloko abwana akachoka mudzatenge katundu uja." Katunduyo linali thumba la mpunga wa kilombero limene linachokera ku Karonga, ndinaliika kuseri kwa chitseko cha sitoko. Koma sanathere pamenepo. Awerenganso za ine ndi amuna anga, mpaka za ku sikelo. Ndine woyembekezera ndipo ku ntchito ndinali ndisananene. Anandifunsa kuti, "Ndiye izi mumafuna mutiuze liti?"

Andiimitsa kaye, Lachisanu hiyaring'i. Kodi ali ndi ufulu wowerenga zanga? Komanso mu sitoko momwe timasinthira zovala muli kamera, zimenezo n'zololedwa?

Zolozolo_Jnr
Akukunamizani asisi, WhatsApp singawerengedwe ndi munthu wina. Uthenga umakhala wokhoma kuchoka pa foni yanu mpaka kukafika kwa mnzanuyo. Ngakhale a netiweki sauona. Alipo amene wakuperekani, mwina alamu anu omwewo.

ChibaviTeki
@Zolozolo_Jnr zokhomazo n'zoona koma zimagwira ntchito uthenga uli panjira. Apa palibe amene waugwira panjira. Kompyutayo mayiwa anailumikiza okha ku akaunti yawo, ndiye imalandira uthenga uliwonse wotsekula kale, ngati foni yachiwiri. Abwana angokhala pa mpando n'kugwira mausi basi.

@NyaLuwinga chitani izi panopa musanayankhe wina aliyense. Pa foni lowani mu WhatsApp, pitani pa Linked devices. Muona kompyuta ya ku sitoko, ndipo pansi pake palembedwa nthawi imene inagwiritsidwa ntchito komaliza. Jambulani sikiriniyo kaye, kenaka dinani kompyutayo n'kusankha Log out. Musayambe ndi Log out, chifukwa mukatero mzerewo uchoka ndipo umboni wapita. Ngati nthawiyo ikusonyeza dzulo kapena lero, inu muli kunyumba, ndiye kuti atha kukhala akuwerengabe mpaka pano.

NyaLuwinga
Mayo ine. Pakusonyeza lero 10:52 m'mawa. Ine sindinaponde ku shopu chiyambire Lolemba. Ndajambula, ndatuluka.

Madala_a_Katoto
Ine ndilankhula ngati munthu amene ali ndi shopu, mundida bwanji mundide. Kompyuta ndi ya abwana. Magetsi alipira abwana. Bando agula abwana. Katundu wasowa ndi wa abwana. Ndiye mukufuna asayang'ane pa makina awo omwe? Anyamata anandibera simenti miyezi ingapo ine ndikuwaseketsa, mpaka ndinaika makamera. Amene alibe chobisa saopa kuonedwa. Mayiwa akanafuna chinsinsi akanasunga macheza awo mu foni yawo.

Mai_a_Tadala
Madala, nanga za mimba zikukhudzana bwanji ndi penti?

Madala_a_Katoto
Anaziona mwangozi pofunafuna za penti. Maso alibe mpanda.

MlembiWaYuniyoni
A Madala, mfundo yanu ili ndi mwendo umodzi. Zoona, kompyuta ndi ya kampani, ndipo abwana ali ndi chifukwa chomveka chofufuzira katundu akasowa. Palibe lamulo limene limawauza kuti apinde manja. Koma kukhala mwini makina sikukupangitsani kukhala mwini wa chilichonse chimene chikuoneka pa makinapo. Akaunti ya WhatsApp ili pa nambala ya mayiwa, simukhadi anailembetsa ndi chitupa chawo. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wa chinsinsi, ndipo limatchula ndithu kuti asasokonezedwe pa kulumikizana kwake kwa iye yekha, kaya ndi makalata kaya ndi matelefoni a mtundu uliwonse. Silinena kuti ufuluwo umathera pa geti ya ku ntchito.

Pamwamba pa apo pali lamulo loteteza mbiri ndi uthenga wa anthu, limene linayamba kugwira ntchito mu 2024, ndipo amene amaliyang'anira ndi a MACRA. Kampani ikamasonkhanitsa zinthu za munthu wodziwika, kaya ndi nkhope yake pa kamera kaya mauthenga ake, iyenera kukhala ndi chifukwa chovomerezeka, imuuze munthuyo, ndipo itenge zokhazo zimene zikufunika pa chifukwacho. Za umoyo wa munthu lamuloli limaziteteza mwapadera.

Ndiye tiyeni tiyese nkhani ya mayiwa pa mfundo zimenezi. Chifukwa chinalipo, penti wasowa. Kodi anauzidwa kale kuti zochitika pa kompyutayo zimayang'anidwa? Tiwafunsa. Kodi panalibe njira ina yofufuzira yosalowa m'macheza a munthu? Inalipo: mabuku a sitoko, mapepala otulutsira katundu, makamera amene a Madala akuwatama. Kodi anatenga zofunika zokha? Ayi. Munthu wofuna za penti akanayang'ana macheza a madalaivala ndi makasitomala. Kutsegula dzina la mwamuna wa munthu si ngozi, umachita kudina. Ndipo kutsegulanso lero, mwini wake ataimitsidwa kale, kumeneko si kufufuza penti.

@NyaLuwinga munasainapo pepala lililonse lonena za makompyuta kapena makamera?

NyaLuwinga
Kontirakiti yanga ndi ya masamba awiri, ndaiwerenganso. Muli za malipiro, maola, tchuthi ndi notisi. Za makompyuta mulibe. Za makamera pali kachikwangwani pakhomo la shopu ka makasitomala basi.

Kabaza_Masasa
Foni yanu aihaka imeneyo. Pitani nayo kwa anyamata a pa Taifa akaifulashe, musinthe ndi simukhadi yomwe. Mlongo wanga zinamuchitikira.

ChibaviTeki
Ayi achimwene, asafulashe chilichonse! Mu fonimo ndi momwe muli macheza onse ndi alamu awo, kuyambira pomwe anaitanitsa mpungawo. Amenewo ndiwo awapulumutse. Palibe amene wahaka foni apa.

Chofunika kuona ndi ichi: ngati munalowapo mu Gmail kapena Facebook pa kompyuta yomweyo, ndipo Chrome itakufunsani zosunga pasiwedi munavomera, ndiye aliyense wokhala pa mpandowo atha kulowa. Sinthani mapasiwedi lero kuchokera pa foni. Mu akaunti ya Google pitani pa Security, kenaka Your devices, mutulutse kompyutayo.

Dalaiva_wa_Chiweta
Poti a Teki muli pomwepo, ndifunseko zanga. Kampani inatipatsa simukhadi, bilu amalipira iwo pakutha pa mwezi. Tsiku lina akauntanti anandiuza kuti ndimaimbira nambala inayake ya ku Rumphi usiku uliwonse. Ndinachita manyazi ngakhale ndi mayi anga ondibala. Kodi ndiye kuti amamvanso zimene timalankhula?

ChibaviTeki
Samva. Amene amalipira laini atha kupempha bilu yofotokoza zonse, ndipo imaonetsa nambala imene mwaimbira, tsiku, ola, ndi mphindi zimene mwalankhula. Mawu enieniwo sapezeka pa bilu. Kuti amve mawu pafunika kuti pa foniyo paikidwe pulogalamu yojambula, kapena mafoni a mu ofesi adutse pa makina a kampani amene amajambula, ngati m'malo oyankha makasitomala muja amakuchenjezani kuti kuyankhulana uku kutha kujambulidwa. Ngati foni ndi yanuyanu ndipo simukhadi yokha ndiyo ya kampani, akuona mndandanda basi. Koma mndandandawo si wochepa, mwaona nokha kuti akauntanti wadziwa za ku Rumphi.

Dalaiva_wa_Chiweta
Ndagula kale laini yanga ya madzulo.

Mai_a_Tadala
Ine ndili ndi funso losiyana pang'ono. Ndinaika kamera pabalaza kwathu ku Chibanja chifukwa cha mwana, ndimaona pa foni ndili ku ntchito. Mtsikana wantchito sindinamuuze. Ndiye ndine wolakwa ngati abwanawa?

Nyasulu_Mchenga
Muuzeni mayi. Mtsikanayo akadzaitulukira yekha adzachoka osatsanzika, ndipo adzauza anzake onse a mu laini mwanu kuti kwa mayi a Tadala osapitako. Komanso tsiku lina adzasintha zovala pabalaza poganiza kuti ali yekha, ndipo foni yoonerayo nthawi zina imakhala m'manja mwa bambo a m'nyumba. Mwaganizapo?

Mai_a_Tadala
Bambo ake alibe pasiwedi. Koma ndikamuuza ndiye azingosamala pabalaza, kuchipinda n'kumachita zake.

Nyasulu_Mchenga
Ngati simukumukhulupirira mpaka pamenepo, vuto si kamera. Pezani wina.

Woyang'anira_Gulu
Za atsikana antchito tsegulani nkhani ina chonde. Mayiwa ali ndi masiku awiri okha.

ChibaviTeki
Tibwerere ku makamera, chifukwa ndikuona kuti aliyense akuiona kamera ngati mdani wa NyaLuwinga, pamene mwina ndiyo mboni yawo yaikulu. Ine ntchito yanga ndi yoika zimenezi m'mashopu.

Makamera amatumiza zithunzi ku kabokosi kotchedwa DVR, kamene kamakhala mu ofesi ya abwana nthawi zambiri. Mkati muli hadi disiki. Ikadzaza siima, imayamba kufufuta zakale kwambiri n'kulembapo zatsopano. Tiwerengere limodzi. Kamera imodzi yooneka bwino, ikaikidwa pa 2 Mbps n'kumajambula usana ndi usiku, imadya pafupifupi 21 GB pa tsiku. Makamera anayi ndi 86 GB pa tsiku. Mashopu ambiri amagula disiki ya 1 TB chifukwa ndiyo yotchipa, ndiye gawani 1,000 ndi 86, mupeza masiku 11 ndi theka. Ngati anaitchera kuti izijambula pokhapokha chinthu chikayenda, masiku amachulukirapo, koma osadalira zimenezo.

@NyaLuwinga alamu anu anabwera tsiku liti, ndipo makamera ndi angati?

NyaLuwinga
Makamera anayi: pakhomo, pa kauntala, panja poimika magalimoto, ndi ya mu sitoko ija. Alamu anabwera Lolemba la sabata yatha. Lero ndi Lachitatu.

ChibaviTeki
Masiku 9 apita. Ngati disiki ndi ya 1 TB, zithunzi za tsiku limenelo zitha kufufutika Lachisanu lomwelo, mwina muli mkati mwa hiyaring'i. Lembani kalata lero, osati mawa, yopempha kuti asunge zithunzi za Lolembalo kuyambira 4 koloko mpaka 6 koloko madzulo, za kamera ya mu sitoko ndi ya panja. Kuzikopera pa fulashi sikutenga nthawi, kabokosiko kali ndi polowetsa. Thumba la mpunga ndi zitini 14 za penti sizifanana ngakhale pa kamera yotchipa. Zitini zimenezo munthu mmodzi sanyamula ulendo umodzi.

Funso langa kwa abwanawo n'loti, n'chifukwa chiyani anathamangira ku WhatsApp pamene kabokosi kali pafupi ndi mwendo wawo?

Madala_a_Katoto
Chifukwa kuonera zithunzi za masabata awiri si masewera, mwana wanga. Wayesapo? Umakhala maola ukuyang'ana anthu akulowa ndi kutuluka, maso mpaka kuwawa. Komanso sudziwa tsiku limene katundu watuluka.

ChibaviTeki
Ndayesapo madala, ndimalipidwa pa zimenezo. Koma panopa tsiku akulidziwa, ndi ola lomwe, analizunguliza okha ndi cholembera chofiira. Maola awiri okha.

MlembiWaYuniyoni
A Teki anena zoona, ndipo ndiwonjezere chinthu chimene ambiri amapunthwa nacho. @NyaLuwinga musakalowe mu hiyaring'i ndi mfundo imodzi yokha yoti "munawerenga zanga mosaloledwa, ndiye sindiyankha." Kumeneko n'kudzitchera msampha. Khothi la zantchito silimangika kwambiri ndi malamulo a umboni ngati makhothi ena, ndiye musaganize kuti mapepalawo angotayidwa chifukwa cha njira imene anapezekera. Mukakana kuyankha, iwo adzalemba kuti munapatsidwa mpata ndipo munalephera kufotokoza.

Nkhani zili ziwiri, muzisiyanitse. Yoyamba ndi ya penti, ndipo imeneyo muiyankhe mokwanira. Onetsani macheza onse ndi alamu anu, osati mzere umodzi umene iwo asankha. Ngati munalipira mpunga pa foni, uthenga wa malipirowo ulipo. Amene anabweretsa thumbalo kuchoka ku depoti, mlonda amene analiona likutuluka, onsewo ndi mboni. Yachiwiri ndi ya chinsinsi chanu. Imeneyo muilembe mu kalata yomweyo ya zithunzi, mwaulemu: kuti simunalole aliyense kuwerenga macheza anu, kuti akauntiyo inatsegulidwanso inu mutaimitsidwa, kuti mukupempha akuuzeni amene awona mapepalawo, ndipo kuti masamba osakhudza ntchito akubwezereni. Kalatayo ikhale iwiri, wolandira asaine pa yanu ndi kulemba tsiku.

Lamulo la ntchito la 2000, gawo 57, limati munthu sachotsedwa popanda chifukwa chenicheni, ndipo pa nkhani ya khalidwe ayenera kupatsidwa mpata wodziteteza. Zikafika ku khothi, wolemba ntchito ndiye ayenera kutsimikizira chifukwacho, osati inu kutsimikizira kuti simunabe. Akakuchotsani, muli ndi miyezi itatu yokadandaula ku ofesi ya leba, ndipo zikakanika kumeneko nkhani imapita ku khothi la zantchito, limene ku Mzuzu kuno liliko, simufunika kupita ku Lilongwe.

Za mimba: lamulo lomwelo limaletsa kuchotsa mayi chifukwa ndi woyembekezera, ndipo limapereka tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8 pa malipiro onse. Mawu aja oti "mumafuna mutiuze liti" alembeni mu kabuku, tsiku, ola, ndi amene analipo.

Zolozolo_Jnr
Ndiye akajambule hiyaring'i yonse mobisa pa foni, abwana alawe zomwe amachitira anzawo.

MlembiWaYuniyoni
Ayi. Munthu amene akudandaula kuti anamuzembera asakazemberenso anzake, akawapatsa chonena. Apemphe poyera kuti pakhale wolemba zokambirana, awerenge asanasaine, ndipo apite ndi mnzake wa ku ntchito ngati mboni. Akafuna kujambula mawu apemphe chilolezo pamaso pa onse.

Mwana_wa_Chiputula
Ine ndimagwira ku bungwe lina, tili ndi imelo ya ku ntchito. Mnzathu wina ankafunsira ntchito kwina pogwiritsa ntchito imelo yomweyo, n'kumafufuta akatumiza. Tsiku lomutsanzika anamuonetsa makalata onse. Ndiye pamenepo bwanji a Mlembi, gawo 21 lija linali kuti?

ChibaviTeki
Ndiyankhe mbali ya makina. Imelo yothera ndi dzina la kampani ili ngati kabati ya mu ofesi: mumaikamo zinthu inu koma kiyi wina ali ndi eni ake. Woyang'anira makompyuta atha kusintha pasiwedi yanu n'kulowa, kapena kutsegula bokosi lanu osakufunsani n'komwe. Mabungwe ambiri amatchera kuti makalata azisungidwa ngakhale inu mwafufuta, ndiye kufufuta kumangowachotsa pamaso panu.

Pa waifai ya ku ofesi ndi foni yanuyanu, iwo amaona mayina a masamba amene mwapitako ndi kuchuluka kwa deta, koma zamkati saona ngati tsambalo likuyamba ndi https. Pa laputopu ya kampani n'zosiyana, chifukwa atha kuikamo satifiketi yawo imene imawalola kutsegula zamkati. Kuti mudziwe, dinani kachizindikiro kali kumanzere kwa adiresi ya tsamba, tsegulani satifiketi, muone pa Issued By. Mukapezapo dzina la bungwe lanu kapena la makina otetezera netiweki ya ofesi, dziwani kuti zonse zikudutsa mmenemo.

MlembiWaYuniyoni
@Mwana_wa_Chiputula nkhani ya mnzanuyo ndi yofooka poyerekeza ndi ya NyaLuwinga, makamaka ngati anasaina pepala loti imelo ndi ya ntchito ndipo imayang'anidwa. Mabungwe ambiri amasainitsa tsiku loyamba, anthu osawerenga. Koma ngakhale pa akaunti ya kampani, ufulu wa abwana uli ndi malire. Ku Romania kunali injiniya wina, Barbulescu, amene anachotsedwa mu 2007 chifukwa ankacheza ndi mchimwene wake ndi chibwenzi chake pa akaunti imene kampani inamuuza kuti atsegule poyankhira makasitomala. Anamusindikizira masamba 45. Mu 2017 khothi la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu linagamula momukomera, makamaka chifukwa makhothi a kwawo sanafufuze ngati anauzidwa pasadakhale kuti zamkati mwa mauthenga zidzawerengedwa, komanso ngati panalibe njira ina yopepukirapo. Chigamulo chimenecho sichimanga makhothi athu, koma mafunso ake ndi omwewo amene tikufunsa pano.

Madala_a_Katoto
Za ku Ulaya zimenezo. Kuno ukauza antchito pamene pali kamera, amabera pamene palibe.

MlembiWaYuniyoni
Khothi lomwelo linakumvaninso a Madala. Mu 2019 linagamula nkhani ya ku Spain, ya supamaketi imene inaika makamera obisika katundu atasowa kwa miyezi, ndipo linati ufulu wa antchitowo sunaphwanyidwe. Koma onani mmene zinalili: makamerawo analoza pa matilo olipirira katundu pokha, malo amene makasitomala onse amadutsa, anagwira ntchito masiku 10 okha, ndipo zithunzizo zinaonedwa ndi anthu ochepa. Si kamera yokhazikika chaka chonse pamalo amene azimayi amavula. Chigamulocho chinanenanso kuti m'zimbudzi ndi mosinthira zovala chitetezo cha munthu chimakhala chachikulu kwambiri.

Madala_a_Katoto
Koma sitoko si chipinda chosinthira. Ndi malo a katundu. Kamera ya mu sitoko ine sindingaichotse ngakhale mutandipatsa ndalama. Amene akuvula mmenemo akusankha yekha.

NyaLuwinga
Madala, tikavulire kuti? Chimbudzi ndi chimodzi cha shopu zitatu, pansi pamakhala madzi, ndipo nyengo ya mawawa ino mukuidziwa. Ovolosi amatikakamiza kuvala. Timabisala kuseri kwa milu ya malata, koma malata akagulidwa mulu umatsika.

ChibaviTeki
Apa nonse muli ndi mfundo, ndipo kukonza kwake sikufuna ndalama zambiri. Kamera iloze pa chitseko ndi pa mashelefu. Pakona imodzi aikepo bolodi kapena katani. Komanso ma DVR ambiri ali ndi Privacy Mask, umajambula kabokosi pa sikirini ndipo mbali imeneyo imakhala yakuda pa zithunzi zonse. Ndi ntchito ya mphindi zochepa. Ine kasitomala akandiuza kuti ndiike mu chimbudzi kapena mosinthira ndimakana, ndipo alipo amene anandipempha.

Chinanso muyang'ane: makamera ena ali ndi maikolofoni, kabowo kakang'ono pafupi ndi diso. Kachikwangwani ka pakhomo kamanena za kuonedwa, sikanena za kumvedwa. Ngati abwana amadziwa nkhani zimene munakambirana awiri mu sitoko, musathamangire kunena kuti mnzanu ndi kazitape.

Nyasulu_Mchenga
Eeh, ndiye ife tinadana ndi mtsikana wina ku ntchito chaka chonse pa nkhani ngati imeneyo.

Madala_a_Katoto
Za katani ndavomera. Za WhatsApp sindinavomerebe. Munthu akasiya chitseko chotsegula asadabwe mphepo ikalowa. Koma ndinene chilungamo, kampani imene ikufuna maoda pa WhatsApp igule foni yake. Ine ndinagula ya shopu, imagona mu kabati, ndipo onse amadziwa kuti ndimaiwerenga.

MlembiWaYuniyoni
Ndiye inu mukuchita kale zimene tikunena, mukungokana ndi pakamwa.

NyaLuwinga
Ndabwerako ku shopu. Kalata alandira, akauntanti wasaina pa yanga, abwana kunalibe. Mlonda wavomera kuti thumba analiona ndipo ndi iye amene anathandiza kulikweza pa njinga. Koma akuopa kulankhula Lachisanu, akuti iye ndi wa kampani ina ya alonda, atha kungomusamutsa.

Akauntanti wandinong'oneza chinthu china. Akuti anayesa kale kufufuza za Lolembalo koma sanapeze kanthu, pa sikirini tsiku likuonetsa chaka cholakwika, ndipo ola silikugwirizana ndi wotchi.

ChibaviTeki
Ndimayembekeza zimenezo. Mu DVR muli kabatire kozungulira, kofanana ndi ka pa bolodi ya kompyuta, kamene kamasunga nthawi magetsi akazima. Kakatha mphamvu, magetsi akangothima wotchi imabwerera ku tsiku la ku fakitale. Ndiye ukalemba tsiku lenileni pofufuza, makina amati palibe, pamene zithunzi zilimo pansi pa tsiku lina. Choipa n'choti ngati magetsi anazima kangapo, masiku osiyana atha kukhala ndi deti yofanana.

Zimapezeka koma pamafunika kudekha. Osafufuza ndi deti, atsegule mndandanda wa mafayilo onse n'kuyang'ana chinthu chodziwika cha tsikulo, monga lole imene inatsitsa katundu, yomwe pepala lake lili ndi tsiku ndi ola. Akaipeza awerengere kuchokera pamenepo. Ndipo wina asakonze wotchiyo kapena kuzimitsa kabokosi asanakopere. Muwauze kuti akopere mafayilo akale kwambiri poyamba, chifukwa ndi amene ali pamzere wofufutika.

Zolozolo_Jnr
Nanga akangonena kuti zinafufutika?

MlembiWaYuniyoni
Ndiye kalata yosainidwa ija igwira ntchito. Idzaonetsa kuti mayiwa anapempha zithunzi Lachitatu, ndipo amene anali ndi kabokosi sanazisunge. Sizitsimikizira kuti sanabe, koma amene ayenera kutsimikizira ndi abwana, ndipo adzatsala ndi mzere umodzi wa WhatsApp wonena za "katundu". Ku MACRA mutha kukadandaula za chinsinsi padera, koma ine ndikanayamba ndadikira zotsatira za Lachisanu. A Nyasulu mwina atsutsa.

Nyasulu_Mchenga
Ndikutsutsadi. Akadikira, abwana aziona ngati za mimba zija zadutsa. Mapepala amenewo akadali mu kabati ya munthu, ndipo sitikudziwa amene akuwawerenga pa nthawi ya tiyi.

NyaLuwinga
Anditumizira uthenga madzulo ano kuti hiyaring'i yasunthidwa, ikhala Lachitatu sabata ya mawa, akuti aitana munthu woti aone makamera. Za mapepala anga sanayankhe. A Teki, Lolemba lija kunabwera lole ya malata cha m'ma 2 koloko, ndine ndinasaina pepala lake. Nambala ya pepalalo ndiipereke kwa akauntanti kapena ndidikire munthu wa makamerayo?

ChibaviTeki
Perekani kwa onse awiri, polemba, mawa m'mawa. Kusuntha hiyaring'i sikuimitsa disiki, ikupitiriza kufufuta. Muwauze akopere mawa lomwelo.